Musatigulitse khalidwe labwino ngati kuti ndi phindu

Mwezi wathawu tinaitanidwa ku hotela ina ku City Centre, ife amene anzathu kuntchito anatisankha kuti tiziwalondolera nkhani za penshoni. Amene anatiitana ndi kampani yosunga ndi kuchulukitsa ndalama za penshoni, dzina lake ndilisunga. Titamwa tiyi, kutsogolo kunaima mnyamata wovala suti yomukhala, wolankhula mosakhumudwa lilime. Pakhoma anationetsa zithunzi za mbande za mitengo, za magetsi a sola, za ana asukulu akumwetulira, kenako mizere iwiri, wobiriwira ukukwera ngati nsungwi, wofiira ukukwawa pansi. Mawu ake omaliza anali akuti: "Mabwana ndi madona, kafukufuku wapeza kale. Makampani otsatira ESG ndi amene amabweretsa phindu lochuluka. Muchita chabwino, mupindulanso bwino."

Pafupi nane panakhala mayi wina wa ku ofesi yowerengera ndalama, amene atsala ndi zaka zinayi kuti apume. Ananditsina pamkono n'kunong'ona: "Achimwene, mwachidule, ndalama yangayo ichuluka kapena ayi?"

Ndinawayankha kuti tikambirana panja. Yankho lake ndi ili, ndipo ndi lotalikirapo kuposa mmene akanafunira.

Zilembo zitatu za ESG zija zimaimira mafunso atatu amene woika ndalama m'kampani amafunsa, kuwonjezera pa la phindu. Loyamba ndi la chilengedwe: kampaniyi ikuchita nazo chiyani madzi, mpweya, mitengo ndi nthaka? Lachiwiri ndi la anthu: antchito, alimi oigulitsa mbewu ndi midzi yoizungulira ikuwasunga bwanji? Lachitatu ndi la kayendetsedwe: akhala m'bodi ndani, amene amaunika mabuku ndani, bwana wamkulu angathe kuuzidwa kuti ayi? Dzinali linatchuka mu 2004, kudzera mu lipoti lomwe mabanki akuluakulu analemba atapemphedwa ndi Kofi Annan, amene nthawiyo anali mlembi wamkulu wa bungwe la mgwirizano wa mayiko onse. Mafunso atatuwa ndilibe nawo mlandu. Mlandu ndili nawo ndi lonjezo lija, lakuti kugula masheya a makampani okhoza mafunsowa kumachulukitsa phindu pakokha. Lonjezo limeneli ndi losalongosoka, ndipo chimene chimaligwetsa si ndale kapena kudana ndi chilengedwe ayi. Ndi mtengo umene wagulira.

Aliyense wa mu Lilongwe muno amene anaganizapo zogula nyumba yochititsa lendi amaidziwa kale nkhaniyi, kungoti saitchula ndi zilembo. Nyumba ya ku Area 47, ya mpanda wa njerwa ndi msewu wa tala, ndi yabwino kuposa mdadada wa zipinda ku Chinsapo. Palibe angatsutse. Koma funsani malandilodi kuti ndi iti imene imabweza msanga ndalama yogulira, ambiri akuuzani kuti ndi mdadadawo. Chifukwa chake n'choti nyumba ya ku 47 aliyense amaifuna, ndiye ubwino wake unalowa kale mu mtengo. Amene anadyerera ndi uja anagula puloti kalekale kukadali thengo. Wogula lero akulipira ubwinowo kwa wogulitsa, tambala ndi tambala.

Tiyeni tiike manambala. Tiyerekeze makampani awiri ku Kanengo, onse oyenga mafuta a soya, ofanana kukula. Ina imasefa madzi oipa isanawataye, imalipira alimi pa nthawi yake, ndipo bodi yake ndi ya anthu osaopa bwana. Inzakeyo imataya madzi akuda m'khwawa usiku, antchito ake ndi aganyu osatha, ndipo wapampando wa bodi ndi mlamu wake wa bwana wamkulu. Onse awiri amagawa phindu la K10 pa sheya iliyonse pachaka, ndipo sheya ya iliyonse ikugulitsidwa K100. Kukwera mitengo kwa zinthu tikuike pambali kaye kuti masamu asasokonekere. Pa nthawi imeneyi wogula sheya ya iliyonse akupeza 10 peresenti pachaka.

Kenako kwabwera mphepo ya ESG. Osunga ndalama za penshoni ndi za inshuwalansi agwirizana kuti sakufunanso kampani yauve ija. Akugulitsa masheya ake, akuthamangira a yaukhondo. Pakutha pa chaka sheya yaukhondo yafika K125, yauve yatsikira pa K80. Amene anali ndi yaukhondo chiyambire wapeza K25 ya kukwera mtengo, kuphatikiza K10 ya phindu, zonse 35 peresenti. Amene anali ndi yauve wataya K20, walandira K10, ndiye kuti waluza 10 peresenti. Mizere iwiri ya mnyamata wa suti ija ndi imeneyi. Sananame. Mzere wobiriwira unakweradi.

Koma mayi a ku ofesi yowerengera ndalama aja akuitanidwa kuti alowe lero, phwando litatha. Akagula yaukhondo pa K125, phindu likadali K10 yomweyo, poti soya wake ndi yemweyo, makina ndi omwewo. K10 pa K125 ndi 8 peresenti. Wina wopanda manyazi amene akutola yauve pa K80 akulandiranso K10, imene kwa iye ndi 12.5 peresenti. Kukwera kumene kunakometsa chithunzi cha dzulo ndi komweko kumene kwachepetsa phindu la mawa. Apa ndi pamene ambiri amasochera: amaona phindu limene linapezeka kale n'kulitenga ngati umboni wa phindu limene likubwera, chikhalirecho ziwirizi zimakokerana mbali zosiyana.

Izi si masamu a pa bolodi chabe. Mu Seputembala 2020 boma la Jeremani linayamba kubwereka ndalama m'njira yochititsa chidwi. Linatulutsa zikalata za ngongole ziwiriziwiri ngati mapasa: wobwereka yemweyo, tsiku lobweza lomwelo, zonse zofanana, kupatula kuti ndalama ya chikalata chimodzi inalonjezedwa ku ntchito zosamalira chilengedwe. Anthu analimbirana chobiriwiracho, mtengo wake unakwererapo, ndipo wochigula anavomera kulandira chiwongoladzanja chocheperako pang'ono kuposa cha mnzake. Kusiyana kwake kunali kochepa kwambiri, kosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a peresenti imodzi, koma mbali imene kunapendekera ndi yoonekeratu. Akatswiri atatu a zachuma, Pástor, Stambaugh ndi Taylor, anagwiritsa ntchito mapasa amenewa pofotokoza kuti chinthu chobiriwira chimatha kupambana chinzake kwa zaka zingapo pamene okonda zobiriwira akuchuluka, pomwe phindu loyembekezereka kutsogolo likutsika.

Mbali inayo ilinso ndi umboni wake, ndipo kwa ife a dziko la fodya ndi wowawa kuumva. Mu 2009 Hong ndi Kacperczyk anafufuza masheya a makampani a fodya, mowa ndi juga ku Amereka, amene matumba ambiri a penshoni amawakana. Anapeza kuti kwa zaka zambiri masheya amenewa ankapindulitsa kuposa a makampani ena ofanana nawo, chifukwa ogula anali ochepa ndipo mtengo unali wotsika. Thumba lalikulu la penshoni la ogwira ntchito m'boma ku California linaganiza mu 2000 zogulitsa masheya ake a fodya. Patatha zaka pafupifupi 15 alangizi ake anawerengera kuti chisankhocho chinawatayitsa ndalama zoposa mabiliyoni atatu a madola. Atamva zimenezo sanabwerere ku fodya, ndipo ine ndimawalemekeza pa mfundo imodzi: anadziwa mtengo wa chikumbumtima chawo, anaulipira maso ali poyera. Palibe anawanamiza kuti ndi chaulere.

Tsono wina anena kuti, bambo inu, mwaiwala chiopsezo. Kampani yauve ija tsiku lina idzagwidwa. Zoona, ndipo apa ndiye pali mtima wa nkhani yonse. Tibwerere ku Kanengo kuja. Wogula yauve pa K80 akuyembekeza 12.5 peresenti ngati zinthu zili bwinobwino. Koma tinene kuti kamodzi pa zaka khumi zilizonse kampani yotere imakumana ndi tsoka, kaya kutsekeredwa fakitale, kaya kuluza mlandu, kaya kukanidwa ndi ogula akunja, ndipo sheya imataya theka la mtengo wake. Theka limenelo mukaligawa pa zaka khumi ndi 5 peresenti pachaka. Chotsani pa 12.5, mutsala ndi 7.5. Apa yaukhondo ija, ndi 8 peresenti yake, yapambana. Koma tsokalo likamagwa kamodzi pa zaka 20, chochotsera ndi 2.5 yokha, mutsala ndi 10, ndipo yauve ikutsogolabe. Kusiyana kwa 8 ndi 10 kumaoneka ngati kochepa, koma K1 miliyoni yosiyidwa zaka 20 pa 8 peresenti imafika pa K4.7 miliyoni, pomwe pa 10 peresenti imafika pa K6.7 miliyoni.

Ndiye funso loyenera silakuti kampani yabwino ndi iti. Limenelo ngakhale mwana wa sitandade 5 ayankha. Funso ndi lakuti, kodi mtengo wa lero walanga kale uve wa kampaniyo mokwanira, mopitirira, kapena mosakwanira? Nyumba ya m'mbali mwa Lingadzi imatchipa chifukwa aliyense amadziwa kuti mtsinjewo umasefukira. Wogula pamenepo sanapuse ngati waigula motchipa mokwanira. Wopusitsidwa ndi amene wagula nyumba pa mtengo wa kumtunda osadziwa kuti pansi pake pamadutsa madzi.

Ndipo apa ndivomereze mosanyinyirika: pamene ESG imalipiradi ndi pamene yakuthandiza kuona madzi amene ena sanawaone. Alex Edmans anatsata makampani a ku Amereka amene antchito awo ankawatchula kuti ndi malo abwino kugwirako ntchito, kuyambira 1984 mpaka 2011, ndipo anapeza kuti masheya awo anaposa a anzawo ndi pakati pa 2.3 ndi 3.8 peresenti pachaka. Kufotokoza kwake n'kogwirizana ndi zimene ndanenazi. Msika sunkawerengera kukondwa kwa antchito ngati chuma, ndiye unkagulitsa makampaniwa motchipa, kenaka n'kumadabwa phindu likamatuluka loposa limene unkayembekeza. Phindulo linabwera chifukwa cha kusaona kwa ena. Chinsinsi chikasanduka chizindikiro chosindikizidwa pa kabuku kotsatsa malonda, chimene aliyense angawerenge, mwayi umenewo umayamba kuuma.

Nanga kafukufuku uja mnyamata anatchula? Ndikuganiza kuti ankanena za ntchito ya Friede, Busch ndi Bassen ya 2015, chifukwa ndi imene otsatsa onse amanyamula. Atatuwa anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 2,000, ndipo ananena kuti pafupifupi 90 peresenti sanapeze kuti ESG imawononga chuma cha kampani. Imvetsetsani mawuwo. Kusawononga si kuchulukitsa. M'gulu la 90 limenelo muli ambiri amene sanapeze kusiyana kulikonse. Chachiwiri, kafukufuku wambiri mmenemo ankayeza mmene kampani payokha ikuchitira, osati zimene wogula sheya amatenga. Olemba omwewo atapatula kafukufuku woyang'ana matumba enieni a ndalama, chithunzi chinazilala: ochuluka anapeza zosakanikira kapena zosasiyana. Palinso funso la nkhuku ndi dzira. Kampani yolemera ndi imene imakwanitsa kugula makina osefera madzi ndi kulemba anthu olemba malipoti okongola. Mwina si ukhondo umene waipatsa chuma. Mwina ndi chuma chimene chaipatsa ukhondo.

Chinthu china chimene mizere ya pakhoma imabisa ndi chaka choyambira ndi chothera. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa ndege ndi magalimoto, masheya a makampani a mafuta ku Amereka anagwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, pamene a makampani a makompyuta ndi intaneti anauluka. Matumba a ESG, amene kawirikawiri amakhala ndi mafuta ochepa ndi zamakompyuta zambiri, anaoneka ngati anzeru zosatha. Mu 2022 Russia italowa mu Ukraine zinthu zinatembenuka: masheya a mafuta anakwera ndi pafupifupi 60 peresenti, pomwe msika wonse unatsika ndi pafupifupi 19. Matumba omwe aja anaoneka ngati opepera. Sanali anzeru mu 2020, sanali opepera mu 2022. Ankangoyenda ndi mtengo wa mafuta. Ndinafunsa mnyamata uja kuti mzere wake ukuthera chaka chiti. Anayang'ana pa laputopu n'kunena kuti 2021.

Ndipotu ngakhale kudziwa kuti kampani "yabwino" ndi iti pa mndandanda wa opereka malikisi si nkhani yapafupi. Berg, Kölbel ndi Rigobon anayerekeza malikisi a ESG ochokera ku makampani asanu ndi imodzi opereka malikisiwo. Pa muyeso umene 1 amatanthauza kugwirizana kotheratu, anapeza kuti amagwirizana pa 0.54, pomwe oyeza kuthekera kwa kampani kubweza ngongole amagwirizana pa 0.99. Zili ngati aphunzitsi awiri kuchonga pepala limodzi, wina n'kupereka 80, wina 45. Mu Meyi 2022 kampani ya Tesla, yopanga magalimoto a magetsi, inachotsedwa pa mndandanda wina wotchuka wa ESG ku Amereka, kampani ya mafuta ya ExxonMobil n'kutsalapo. Pali zifukwa zake, zokhudza madandaulo a antchito ndi mmene malikisi amayerekezera kampani ndi zinzake za ntchito yofanana. Koma munthu akakuuzani kuti "ESG imapindulitsa", muli ndi ufulu womufunsa kuti ESG ya mphunzitsi uti.

Tibwere kwathu tsopano, chifukwa zonsezi ndi za misika ya makampani zikwizikwi. Msika wathu wa masheya ku Blantyre, umene unayamba malonda mu 1996, uli ndi makampani osafika 20. Gawo lalikulu la chuma chake ndi mabanki, kenako makampani a foni, a inshuwalansi, a nyumba, a mahotela ndi ya shuga. Munthu amene akuti asefa mndandanda umenewu n'kuchotsa "oipa", asefa chiyani? Akachotsa atatu kapena anayi, penshoni yanu yaunjikana m'mabanki, ndipo kuunjika mazira mu dengu limodzi ndi chiopsezo choposa chimene amathawacho. Kampani ya fodya pamsikapo palibe, koma pitani ku okushoni ku Kanengo nyengo ya malonda muone kuti ndalama ya mabelo imadutsa m'mabanki ati. Ndi omwewo amene ali m'penshoni yanu. Ndalama ina yambiri ya penshoni imabwerekedwa ku boma, ndipo sindinamvepo wotsatsa ESG akupereka malikisi a kayendetsedwe kwa wobwereka ameneyo. Komanso m'dziko limene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu inkakwera pafupifupi 30 peresenti pachaka mu 2023 ndi 2024, mkangano wa peresenti imodzi kapena ziwiri umene azungu amakanganirana ndi kamtsinje pafupi ndi nyanja. Chimene chingadye penshoni ya mayi aja choyamba ndi kwacha.

Sindikunena kuti mafunso atatu aja alibe ntchito kuno. Ali nayo yaikulu, kungoti amafunika kuwafunsa m'Chichewa, osati kukopera fomu ya ku London. Fomu ya kunja imafunsa kuti kampani ikutulutsa utsi wochuluka bwanji. Kwa ife funso lokhudza thumba ndi lakuti nyengo ingaichite chiyani kampaniyo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Kampani iliyonse imene inalibe njira ina yopezera magetsi inawotcha phindu lake mu jenereta, dizilo wake wa pamzere. Amene akanafunsa mu 2021 kuti "fakitale yanu iyenda bwanji Shire akakwiya?" akanakhala akuchita ESG yeniyeni, popanda chithunzi cha mbande.

La anthu nalonso tinalilawa. Pa 1 Novembala 2019 akuluakulu oona za katundu wolowa ku Amereka analamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pa doko, ponena kuti pali umboni wa ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana m'minda. Makampani ogula fodya anayenera kuonetsa, iliyonse payokha, kuti imadziwa munda umene belo lililonse lachokera, ndipo oyamba analoledwanso pakati pa 2020. Mwana wosomeka fodya m'chigafa ku Kasungu, amene kwa zaka zambiri sankaoneka m'mabuku a kampani iliyonse, anasanduka nkhani ya madola. Amenewo ndiye madzi odutsa pansi pa nyumba.

Koma pa zilembo zitatuzo, chimene ine ndingatayire nthawi yanga yochepa ya m'komiti ndi chachitatu, cha kayendetsedwe, chomwe chilibe chithunzi chokongola choika pakhoma. Onani za Steinhoff, kampani ya ku South Africa imene pa nthawiyo inalinso mwini wa sitolo za Pep zimene timagulako zovala za ana. Inali chikomekome cha mkuyu. Inkagula makampani ku Ulaya ndi ku Amereka chaka ndi chaka, bodi yake inali ya anthu a maphunziro apamwamba, malipoti ake onenepa. Kumayambiriro kwa Disembala 2017 ounika mabuku anakana kusainira, bwana wamkulu Markus Jooste anatula pansi udindo, ndipo m'masiku ochepa sheya inataya zoposa 80 peresenti ya mtengo wake. Kafukufuku wotsatira anapeza malonda abodza a mayuro pafupifupi mabiliyoni 6.5. Pakati pa oluza kwambiri panali thumba la penshoni la aphunzitsi, anamwino ndi apolisi a dzikolo, limene linali ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo khumi a kampaniyo.

Kodi zizindikiro zinalipo? Zinalipo kwa wofuna kuona. Akuluakulu a boma ku Jeremani anali atafufuza kale maofesi ake mu 2015. Kampani inkakula pogula zinzake mothamanga, moti kuyerekeza chaka ndi chinzake kunali kovuta. Malonda ambiri ankachitika ndi makampani amene pambuyo pake anapezeka kuti anali paubale ndi akuluakulu ake omwe. Zimenezi sizifuna malikisi ochokera kunja. Zimafuna munthu wotsegula lipoti la pachaka kuyambira kumapeto, kumene kuli timalemba ting'onoting'ono, n'kufunsa zinthu zosasangalatsa. Phindu limene kampani ikulengeza likufanana ndi ndalama imene yalowadi m'banki, kapena ndi ngongole za anthu amene sanalipire? Kampani ikugula katundu kapena kubwereketsa ndalama kwa mamembala a bodi ndi abale awo, pa mtengo wanji? Ounika mabuku akhalapo zaka zingati, ndipo ngati asinthidwa mwadzidzidzi, chifukwa chiyani? Zotsatira za chaka zachedwa kutuluka? M'dziko laling'ono ngati lathu, mmene anthu omwewo amapezeka m'mabodi anayi kapena asanu ndipo amakumana ku ukwati ndi ku maliro Loweruka lililonse, funso la ubale si lamwano. Ndi la masamu.

Ndipo kayendetsedwe kamayambira pafupi kwambiri kuposa Blantyre. Lamulo la penshoni limati olemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Banki yaikulu yakhala ikudandaula chaka ndi chaka za mabwana amene amadula 5 peresentiyo pa malipiro koma osaipereka. Ndalama imene sinafike ku thumba singapindule, kaya thumbalo ndi lobiriwira kapena lofiira.

Chatsala ndi chindapusa. Matumba okhala ndi dzina la ESG kawirikawiri amalipiritsa mokwererapo kuposa matumba wamba ongotsata msika, poti pali malikisi ogula ndi malipoti olemba. Phindu lowonjezera ndi lamwina, chindapusa ndi chotsimikizika, chimadulidwa chaka chabwino ndi choipa chomwe. Ndiye ngati wina akufuna theka la peresenti yowonjezera pachaka, aonetse chimene wachita nacho. Asandionetse mbande. Andionetse msonkhano waukulu wa eni masheya umene anavota kukana, kampani imene anailembera kalata yofunsa za ngongole za mamembala a bodi, sheya imene anagulitsa mavuto asanatuluke poyera ndi tsiku limene anagulitsa. Pa msika wa makampani owerengeka, kumene osunga penshoni ali ndi masheya ochuluka moti sangagulitse osagwetsa mtengo, mphamvu yawo yeniyeni ndi voti ndi pakamwa, osati kuthawa.

Ngati anzanga kuntchito atavota kuti ndalama yawo isakhudze fodya, mowa kapena malasha chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndidzanyamula uthengawo mosangalala. Ndalama ndi yawo. Koma ndidzawauza kaye kuti mwina adzalandira zocheperako, kuti asankhe akudziwa, ngati a ku California aja. Chimene ndikukana ndi kuti munthu wa zaka 56, amene sadzapezanso mpata wokonza cholakwika, auzidwe kuti palibe chosankha chifukwa zabwino zonse zili mbali imodzi.

Titatuluka mu hotelamo mayi aja anandipeza pa malo oimika magalimoto. Ndinawafotokozera za K125 ndi K80 zija, ndikulemba kuseri kwa pulogalamu ya msonkhano. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anati: "Ndiye kuti mwana uja amatigulitsa mbuzi itanenepa kale." Tinagwirizana kuti komiti ilembe kalata ya mafunso anayi: chindapusa chatsopano ndi zingati poyerekeza ndi chakale, mizere ija ikuoneka bwanji akaifikitsa chaka chatha ndi kuchotsapo kukwera mitengo kwa zinthu, ndi masheya ati enieni amene achoke kapena alowe, ndipo anavota bwanji pa misonkhano ya eni masheya zaka zitatu zapitazi. Kalatayo mayiwo anakaisiya okha ku ofesi yawo Lachiwiri lotsatira, n'kuonetsetsa kuti kope lathu ladindidwa. Patha masabata atatu. Chimene talandira mpaka pano ndi kalendala ya chithunzi cha mtengo wa mbawa.